Odwala awiri, mtima ukugunda mofanana: diripi inathandiza mmodzi, kwa winayo anaichotsa

Funso: "Adokotala, ine ndine wophunzira unamwino kuno mumzinda wa Tete, kwathu ndi ku Ulongwe. M'kalasi anatiphunzitsa kuti magazi amene mtima umatulutsa ukagunda kamodzi amadalira zinthu zitatu, pirekariga, posikariga ndi kontiratilidadi, ndipo ndinaloweza koma sindinamvetse. Sabata yatha m'wodi munali mnyamata wotsegula m'mimba, ndi mayi amene anabereka miyezi iwiri yapitayo, wotupa miyendo. Onse awiri bipi inali cha m'ma 95/65, mtima ukugunda ka 120 pa mphindi. Mnyamatayo anamuthamangitsira diripi nadzuka, koma mayiyo anamuchotsa diripi ndi kumubaya jakisoni wokodzetsa. Kodi panalakwika china, kapena ndine amene sindikuona bwino?"

Achemwali, mtima ukhale m'malo, pakuti malinga ndi zimene mwalemba palibe chinalakwika, ndipo maso anu aona chinthu chenicheni chimene phunziro lija limanena. Mawu atatuwo ndi a Chipwitikizi cha m'mabuku, ndipo amalemera pakamwa kuposa nkhani yake. Ine pophunzitsa ndimawatchula motere: loyamba ndi kudzaza kwa mtima usanafinye, lachiwiri ndi kukana kumene mtima umakumana nako kutsogolo pofinya, lachitatu ndi mphamvu ya mnofu wa mtima pawokha. Ndikhala ndikugwiritsa ntchito mawu amenewa, inu muziwalumikiza ndi a m'kalasi.

Tiyambe ndi kuwerengera kumodzi kosavuta, chifukwa zonse zatsamira pamenepo. Chipinda chakumanzere chapansi cha mtima wa munthu wamkulu wathanzi, amene wakhala phee, chimakhala ndi magazi pafupifupi mamililita 120 chikadzaza. Chikafinya sichikhuthula onse ayi. Mumatsala pafupifupi mamililita 50. Kuchotsa 50 pa 120 kumatsala 70, ndipo 70 ameneyo ndiye mlingo wa kugunda kumodzi, umene m'mabuku mwanu amautcha volume sisitoliku. Ndi magazi ochepa, osakwana ndi theka lomwe la kapu ya tiyi, koma mtima ukagunda ka 70 pa mphindi amakwana pafupifupi malita 5, omwe ndi pafupifupi magazi onse a m'thupi la munthu wamkulu. Choti mugwire apa n'chakuti mlingo wa kugunda kumodzi ungasinthe m'njira ziwiri zokha: kaya magazi oyambira achuluke kapena achepe, kaya magazi otsalira achuluke kapena achepe. Kudzaza kumakhudza nambala yoyambayo, pamene kukana kwa kutsogolo ndi mphamvu ya mnofu zimakhudza kwambiri nambala yachiwiri.

Pa nkhani ya kudzaza, kumbukirani legeni ya anyamata oingitsa mbalame m'munda wa mapira, ya mphanda ya mtengo ndi malamba odulidwa ku chubu chakale. Mwana akakoka malambawo pang'ono, mwala umagwera pafupi ndi mapazi ake. Akakoka mpaka kukhutu, mwala womwewo umafika pa mtengo wa kumalire kwa munda. Legeni ndi yomweyo, malamba ndi omwewo, chasintha ndi kutamuka kwa malamba asanawasiye. Mnofu wa mtima nawo uli ndi khalidwe limeneli. Magazi obwerera kumtima akachuluka, makoma a chipinda amatamuka, ndipo ulusi wa mnofu wotamukawo umafinya mwamphamvu kuposa wosatamuka, makamaka chifukwa ukatamuka umamva msanga kashiamu amene amauyambitsa kufinya. Otto Frank anaona zimenezi pa mtima wa chule mu 1895, ndipo Ernest Starling anazitsimikiza pa mtima wa galu mu 1914, n'chifukwa chake lamuloli limatchulidwa ndi mayina a anthu awiriwa. Kunena mwachidule, mtima wathanzi umatulutsa zimene walandira: ukadzaza ndi mamililita 140 m'malo mwa 120, otsalira sasintha kwenikweni, ndipo otuluka amayandikira 90.

Chimene ophunzira ambiri amaiwala n'chakuti mtima sudzitungira wokha magazi ngati munthu wopita kuchitsime. Umadikira amene abwera. Magazi opitirira theka a m'thupi amakhala m'mitsempha yobweza magazi kumtima, yomwe ndi yofewa ngati thumba, ndipo kuti abwerere amadalira kuchuluka kwawo, kukungika kwa mitsemphayo, kupuma kwa munthu, ndi minofu ya miyendo imene imaifinya poyenda. Inu mukudziwa kutentha kwa Tete m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala, pamene kumapitirira madigiri 40. Munthu akaima nthawi yaitali pamzere padzuwa limenelo osasuntha miyendo, magazi pafupifupi theka la lita amatsikira kumiyendo, mitsempha ya pakhungu imatseguka kuti thupi lizizire, thukuta nalo lachotsa madzi, ndipo mtima umalandira zochepa. Ukalandira zochepa umatulutsa zochepa, ubongo umaperewera, munthu amaona chidima nagwa. Mukamugoneka ndi kumukweza miyendo amatsitsimuka posachedwa, osati chifukwa mwachiza mtima, koma chifukwa mwaubwezera magazi ake. Choipa chimene anthu amachita pamenepo ndi kumukhazika tsonga kapena kumuimiritsa, kumene kumangotalikitsa vutolo.

Mnyamata wanu uja ali m'gulu limeneli, koma mozama. Munthu wotsegula m'mimba kwambiri, makamaka ngati ndi kolera, angataye malita angapo a madzi m'maola ochepa. Tiyerekeze kuti chipinda chake chikudzaza ndi mamililita 75 okha. Mnofu wake ndi wamphamvu, ndipo thupi likuukwapula kuti ufinye koposa, kotero otsalira atsika kufika 35, koma 75 kuchotsa 35 ndi 40 basi. Kuti thupi lipezebe malita oyandikira 5 pa mphindi, mtima uyenera kugunda ka 120, ndipo imeneyo ndiyo nambala munawerenga pa mkono wake. Kuthamanga kumeneko kuli ndi malire ake, chifukwa mtima ukafulumira nthawi imene imadulidwa kwambiri ndi nthawi yodzaza, ndiye kuti ukathamanga mopitirira umadzimana wokha magazi. Legeni yake inali yabwinobwino, koma panalibe chokokera malamba. Diripi, imene kwanu kuno ambiri amaitcha soro, inabweza kudzaza, ndipo mtima wamphamvuwo unayankha pompo. Mwina munaona kuti botolo loyamba lisanathe kugunda kwa pamkono kunayamba kumveka kodzaza pansi pa chala, ndipo nambala ya kugunda inatsika. Chimenecho ndicho chizindikiro chakuti mlingo wa kugunda kumodzi ukukwera.

Fanizo la legeni lili ndi polekezera, ndipo ndikufuna mupadziwe. Mtima sungatamuke mpaka kalekale. Poyamba, madzi owonjezera amakweza kwambiri magazi otuluka. Kenako phindu limachepa. Pomaliza phindu limatheratu, ndipo chimene chimakwera ndi kupanikizika kwa m'kati mwa chipinda. Kupanikizika kumeneko kumabwerera m'mbuyo kumene magazi akuchokera, ndipo kumbuyo kwa chipinda chakumanzere kuli mapapo. Madzi amayamba kudontha kuchoka m'timitsempha kulowa m'timatumba ta mpweya, ndipo munthu amamira ali pabedi.

Tsopano kukana kwa kutsogolo. Aliyense amene anapopapo tayala la njinga amadziwa kuti zopopa zoyamba zimatsika mosavuta mpaka pansi, koma tayala likalimba mkono umalemera, chogwirira chimaima panjira, ndipo mpweya wolowa pa kupopa kulikonse umachepa, ngakhale wopopa ndi yemweyo ndipo pampu inadzaza mpweya monga kale. Chasintha ndi chimene chili kutsogolo. Pakati pa chipinda cha mtima ndi mtsempha waukulu wa awota pali chitseko chimene sichitseguka mpaka kupanikizika kwa m'chipinda kupose kwa mumtsempha. Kwa munthu wa bipi ya 120/80, chipinda chiyenera kufinya chili chotseka mpaka chipitirire 80, ndipo pamenepo m'pamene magazi amayamba kutuluka. Kwa munthu wa 180/110, chiyenera kufika pa 110 dontho loyamba lisanatuluke, ndiye mphamvu ndi nthawi zambiri zathera potsegula chitseko, ndipo chitsekocho chimatsekekanso msanga. Ndikuuzeniko kuti mawu athu akuti "kuthamanga magazi" amasocheretsa pang'ono, pakuti pa matenda amenewa magazi sathamanga kwenikweni, koma amapanikizika m'timitsempha tating'ono timene tafinyika ndi m'mitsempha ikuluikulu imene yauma.

Mtima wathanzi umadziwa kudzipulumutsa pa vuto limeneli, ndipo apa m'pamene zinthu zitatu zija zimaonekera kuti sizigwira ntchito payokhapayokha monga zalembedwera pa bolodi. Tiyerekeze kuti bipi yakwera mwadzidzidzi. Pa kugunda koyamba, chipinda chodzaza ndi 120 chatulutsa 60 m'malo mwa 70, ndipo mwatsala 60. Koma magazi obwerera sanaleke kubwera; akathira 70 pamwamba pa 60 otsalawo, chipinda chadzaza ndi 130, malamba a legeni akokeka kwambiri, ndipo kugunda kotsatira kumabwezeretsa mlingo pafupi ndi pamene unali. N'chifukwa chake munthu angayende zaka ndi bipi yokwera akulima, akukwera njinga, osamva kalikonse. Mtengo wake umalipidwa pang'onopang'ono: makoma a chipinda amakandapala monga mkono wa munthu wosula makasu, ndipo khoma lokandapala limauma, silidzaza mosavuta, limafunanso mpweya wochuluka kuposa umene mitsempha yake ingabweretse. Zotere zimachitikanso chitseko cha awota chikachepa chifukwa cha ukalamba, kubadwa nacho chopunduka, kapena nyamakazi ya mtima imene imatsatira zilonda za pakhosi zosachizidwa paubwana.

Mphamvu ya mnofu pawokha ndiyo yosavuta kuimvetsa. Tengani malegeni awiri, ina ya malamba atsopano, ina ya malamba amene akhala padzuwa chaka chathunthu, muwakoke mofanana ndi mwala wofanana. Mwala wa yatsopano upita kutali. Mumtima, chimene chimasiyanitsa ndi kuchuluka kwa kashiamu wofika ku ulusi wa mnofu pa kugunda kulikonse, ndi thanzi la ulusiwo. Bambo wokwera chitunda cha ku Tsangano ndi thumba la mbatata ya kachewere panjinga, mitsempha ya ubongo yofulumizitsa thupi ndi adirenalini zimawonjezera kashiamu ameneyu, mtima wake umakhuthula kwambiri, otsalira amatsika mwina kufika 30, ndipo popeza miyendo yopalasa ikubwezanso magazi ambiri, chipinda chodzaza ndi 130 chimatulutsa 100. Zofooketsa mnofu ndi kutsekeka kwa mitsempha yodyetsa mtima, mowa wa zaka zambiri, tizilombo tolowa mumnofu, kuchepa kwa mpweya m'magazi, matenda aakulu a tizilombo m'magazi, mankhwala ena, ndi matenda amene amagwira amayi kumapeto kwa mimba kapena m'miyezi yoyambirira atabereka.

Sindinamuone mayi wanu uja, koma zimene mwafotokoza zikufanana ndi matenda omalizawa, omwe kuno ku Afirika timawaona kawirikawiri. Tiyeni timuwerengere monga tinachitira ndi mnyamata. Mnofu wafooka, chipinda sichikhuthula, otsalira akuwunjikana, ndipo impso, poona kuti magazi ofika kwa izo achepa, zimasunga mchere ndi madzi ngati kuti munthuyo wataya magazi. Patapita masabata chipinda chatamuka mpaka chikudzaza ndi mamililita 200, ndipo chikafinya mukutsala 160. Otuluka ndi 40, ofanana ndendende ndi a mnyamata uja, ndipo mtima wake nawonso ukugunda ka 120 pa chifukwa chomwecho. Makina oyezera bipi sangasiyanitse anthu awiriwa. Koma mnyamata akutulutsa 40 mwa 75, kuposa theka, pamene mayi akutulutsa 40 mwa 200, gawo limodzi mwa magawo asanu. Chiwerengero chimenechi ndicho adokotala amayang'ana akaunika mtima ndi makina a eko; mtima wathanzi umatulutsa magawo 55 mpaka 70 pa 100 alionse, ndipo chikatsika pansi pa 40 timati mnofu wafooka ndithu.

Kwa mayi ameneyu malamba anakokeka kale mpaka pamapeto, ndipo ndi malamba otopa. Botolo lililonse la diripi silikanawonjezera magazi otuluka, likanangokwera kumapapo. Jakisoni wokodzetsa uja, amene mosakayika anali furosemide, amachepetsa kudzaza, ndipo popeza mtima wotere uli pamalo pamene kudzaza sikubweretsanso phindu, kuchotsa madzi kumapepuza mapapo popanda kutsitsa kwambiri magazi otuluka. Palinso china: chipinda chotamuka kwambiri chimavutika kuposa chaching'ono kuti chipange kupanikizika komweko, chifukwa makoma ake amakungika kwambiri, ndiye chikaphwa pang'ono ntchito yake imapepuka. Bipi ikakhazikika adokotala amawonjezera mankhwala otsegula mitsempha monga enalapirili, chifukwa mtima wofooka, mosiyana ndi wathanzi, umamva kusintha kulikonse kwa kukana kwa kutsogolo, ndipo mukauchepetsera katundu umatulutsa zambiri. Mankhwala amenewa saperekedwa kwa mayi woyembekezera, ndipo pa bipi yotsika ngati imeneyi mlingo wa mankhwala alionse amauyeza dokotala akuyang'anira bipi, mkodzo ndi impso. Manja ndi mapazi zikazizira ndipo mkodzo ukasiya, wodwalayo amafunika mankhwala olimbitsa kufinya m'chipinda cha odwala kwambiri.

Nkhani imeneyi ndimaiphunzitsa ndi mtima wonse chifukwa ndinalakwitsapo ndekha. Ndili wamng'ono pantchito, pa chipatala china chakumudzi, usiku anabweretsa agogo aamuna ofooka, bipi yotsika, ndipo ine ndinaika diripi mothamanga osawayang'ana pakhosi. Botolo lachiwiri lili pakati, anadzuka nakhala tsonga, manja atagwira m'mphepete mwa bedi, thukuta lili kamukamu pamphumi, chifuwa chikulira ngati madzi owira mumphika, ndipo pamilomo panaoneka thovu. Namwino wachikulire amene ndinali naye anatseka diripiyo asanandifunse, natembenuzira mutu wa agogowo kumbali pansi pa nyali kundionetsa mtsempha wa pakhosi umene unali wotupa mpaka pafupi ndi khutu. Agogowo anapulumuka usiku umenewo ndi mpweya ndi jakisoni wokodzetsa, koma kuyambira pamenepo sinditsegula diripi ndisanayang'ane pakhosi.

Inunso yambirani pomwepo, chifukwa mtsempha wa pakhosi ndi choyezera kudzaza chimene sichifuna magetsi. Mukhazikeni wodwala chotsamira, pakatikati pa kugona ndi kukhala, ndipo muyang'ane m'mbali mwa khosi kuwala kukuchokera chakumbali. Kwa munthu wouma madzi mitsemphayo imakhala yophwa ngakhale atagona chagada, maso amalowa m'kati, lilime limauma, khungu la pamimba mukalitsina limachedwa kubwerera, chifuwa chimamveka choyera, ndipo amakonda kugona chifukwa akadzuka amachita chizungulire. Kwa munthu wa mtima wofooka mtsempha umatupa kukwera kunsagwada, pansi pa mapapo pamamveka kuthetheka, chala mukadinda pa msongolo chimasiya dzenje, chiwindi chimatupa ndi kupweteka, ndipo amakana kugona chagada. Funsani achibale kuti usiku amagona bwanji. Akakuuzani kuti amagona atatsamira khoma kapena pa mapilo atatu, mwapeza theka la yankho. Mukakayika, kukweza miyendo ya wodwala amene sakubanika kumathira magazi pafupifupi mamililita 300 kumtima kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Kugunda kukadzaza ndiye kuti madzi amuthandiza, ndipo ubwino wake ndi wakuti mukatsitsa miyendo magaziwo amabwerera, pamene diripi ikalowa yalowa. Yang'aniraninso mkodzo: munthu wa makilogalamu 60 akamatulutsa osakwana mamililita 30 pa ola, impso zikukuuzani kuti magazi ofika kwa izo achepa.

Musaganize kuti odwala onse adzagawika bwino chonchi. Mayi wa mtima wofooka nayenso angatsegule m'mimba, kapena kukodzetsedwa mopitirira mpaka kudzaza kuchepe, ndipo wotereyu amafuna madzi pang'onopang'ono, kumuyeza pambuyo pa mlingo uliwonse waung'ono. Wodwala matenda a tizilombo m'magazi angabwere ndi bipi yotsika koma manja ofunda ndi kugunda kodumpha, chifukwa kwa iye mitsempha ndiyo yalekerera, kukana kwa kutsogolo kwagwa. Ndipo wotupa miyendo aliyense si wa mtima, pakuti impso, chiwindi ndi kuperewera kwa zakudya zimatupitsanso.

Pamene muli wophunzira, musasinthe liwiro la diripi mwa inu nokha kupatula pangozi yoonekeratu: wodwala akayamba kubanika, kutsokomola kapena kufuna kukhala tsonga diripi ikuyenda, itsekeni, mukhazikeni tsonga miyendo ili lende, mupatseni mpweya ngati ulipo, ndipo itanani wamkulu wanu nthawi yomweyo. Mukapita kwanu ku Ulongwe patchuthi, uzani amayi ndi azamba kuti mayi wobereka kumene amene akupuma movutika pogona, akudzuka usiku atabanika, kapena miyendo yake ikutupirabe m'malo mophwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo apemphe kuti amuyeze mtima. Asamangoti ndi kutopa kwa uchembere. Ambiri mwa amayi otere mtima wawo umabwererako mphamvu m'miyezi yotsatira akamamwa mankhwala mosadumphitsa, koma asatengenso mimba asanaunikidwe mtima ndi kukambirana ndi dokotala, chifukwa mimba imawonjezera magazi a m'thupi ndi pafupifupi theka, ndipo chipinda chimene sichinachire chingalephere kunyamula kudzaza kumeneko.